Mukamathokoza pa imelo, yankhaninso funso lomwe munalizemba lija

Pali kaimelo kena kafala masiku ano, anthu akumauzana kuti ukachoka ku intavyu kapena kokakumana ndi manejala pa nkhani ya bizinesi usagone usanalembe kuthokoza. Zabwino ndithu, ine sindikutsutsa. Koma taonani zomwe anthu akumalemba. Zikomo pondilandira, munandifotokozera za kampani yanu, ine ndinakufotokozerani za maphunziro anga, ndinasangalala kwambiri, ndikudikira kumva kuchokera kwa inu. Basi yatha. Munthu amene mukumulemberayo analipo m'chipinda muja, anamva zonse ndi makutu ake, mwinanso analemba kuposa inuyo, ndiye mukumuuza chani chomwe sakudziwa? Amawerenga mizere iwiri, n'kubwezera foni m'thumba.

Maganizo anga ndi oti imelo yothokoza izinyamula chinthu chimodzi chomwe munalibe nthawi imene munali m'chipinda muja, ndipo nthawi zambiri chinthucho ndi yankho la funso lomwe linakukanikani kapena lomwe munaliyankha mwachidule n'kuona nkhope ya mwini wake kuti sanakhutire. Kuthokozako kutenge mzere umodzi, kwinako kugwire ntchito.

Chifukwa chake n'chakuti amene munakumana nayeyo kawirikawiri si amene amagamula yekha. Kuno ku Mangochi malo ambiri ogona alendo a m'mphepete mwa nyanjamu, kuyambira cha ku Makawa mpaka ku Monkey Bay ndi ku Cape Maclear, manejala amakhala pamalopo koma mwini wake kapena owerengera ndalama angathe kukhala ku Blantyre, ku Lilongwe, kaya kunja kumene. Ku mabungwe n'chimodzimodzi, ofesi ya pa boma imakuonani koma pepala limakasainidwa kwina. Ndiye manejala uja olo munamusangalatsa bwanji, ayenera kukakulankhulirani kwa munthu amene sanakuoneni, sanamve mmene mumayankhulira mwaulemu, sakudziwa zoti munatchena. Kumeneko mawu oti "mayi aja akuoneka odalirika" sakwanira. Amafuna kanthu kogwirika koti angodina Forward n'kuwonjezera kuti taonani izi. Imelo yanu ndiye kanthuko, ndipo ngati muli moni ndi kuthokoza kokhakokha palibe amene angaitumize kwa bwana wake.

Tiyerekeze nkhani imodzi, tiitsatire bwinobwino. Mayi wina wa cha ku Mpondasi amaweta nkhuku zamazira 300, ndipo wapeza mwayi wokumana ndi manejala wa loji ina yomwe imachititsa misonkhano, akufuna aziperekako mazira. Akambirana bwino, mtengo wa thireyi agwirizana, manejala wanena kuti sabata wamba amafuna mathireyi 15 koma kukakhala msonkhano waukulu zimafika 40. Kenako manejala uja watsamira kumbuyo, wavula magalasi, n'kufunsa kuti, "Nanga mayi, Okutobala akafika, kutentha kwa kuno mukukudziwa, nkhuku zikayamba kuikira mwa apo ndi apo ife tili ndi alendo, zidzatha bwanji?" Mayi aja, monga tonse timachitira funso likatipeza modzidzimutsa, ayankha kuti, "Ayi bambo musadandaule, sitingakugwiritseni mwala, Mulungu akalola zonse ziyenda." Manejala wagwedeza mutu, walemba kenakake m'kope lake, nkhani yapita kwina.

Pamene analemba m'kopemo ndi pomwe pali imelo yonse. Funso lija sanafunse chifukwa chosowa chonena, ndi munthu woti mwina anaonapo kale m'mawa wina alendo ali pa mzere wa chakudya chammawa ophika n'kumuuza kuti mazira atha. Ndipo funsolo n'lomveka, aliyense woweta amadziwa kuti kukatentha kwambiri nkhuku zimadya pang'ono, zimangokhala kukamwa yasa, kuikira kumatsika, zigoba zimapepuka mazira n'kumasweka msanga panjira. Mayi aja zonsezi akuzidziwa kuposa manejalayo, kungoti manambala anali m'kope lomwe linatsala kunyumba, lija lopachikidwa pa msomali pakhomo la khola, lothimbirira ndi deya, momwe mwana wawo amalemba mathireyi a tsiku ndi tsiku madzulo aliwonse.

Akafika kunyumba ntchito ndi kutsegula kope limenelo, osati kusakasaka mawu okoma othokozera. Nkhuku 300 zikamaikira bwino, tinene 8 mwa 10 zilizonse patsiku, ndi mazira 240, mathireyi 8 a mazira 30, pa sabata 56. Ayang'ane Okutobala ndi Novembala wa chaka chatha, apeze sabata yomwe zinavutitsitsa, tinene inali ya mathireyi 45. Achotsepo 25 omwe amapita kwa makasitomala akale a magolosale pa boma, omwe sangawataye chifukwa cha loji yomwe sinasaine n'komwe. Patsala 20. Ndiye kuti sabata wamba ya mathireyi 15 ikukwanira olo kutatentha chotani. Koma sabata ya msonkhano ya 40, ikagwera nthawi yotenthayo, pakusowa 20, ndipo apa m'pamene ambiri amanama. Mayi asaname. Angathe kusunga mathireyi asanu otsala a sabata yapitayo ngati auzidwa msanga, 15 enawo aimbire mnzawo woweta wa ku Namwera, kumtunda kuja kumazizirako, amufunse ngati angawapatse, ndipo amuimbire asanalembe imelo, osati kumulemba munthu m'mapulani iye asakudziwa.

Imelo yake ikhoza kuoneka chonchi. Pa Subject alembe kuti: Mazira a loji, chiwerengero cha nthawi yotentha ndi dongosolo la sabata ya msonkhano. M'kati mwake:

"Zikomo bambo Manejala chifukwa cha nthawi yomwe munandipatsa dzulo. Munafunsa za Okutobala ndipo sindinakupatseni manambala, ndiye ndaona m'kope la kukhola. Nthawi yabwino timatola mathireyi 56 pa sabata. Sabata yovutitsitsa ya chaka chatha tinatola 45, ndipo tikachotsa a makasitomala ena pamatsala 20, choncho 15 anu a sabata iliyonse alipo chaka chonse. Pa sabata ya msonkhano nthawi yotentha ndingakwanitse 25 a kukhola kwanga, 15 enawo ndagwirizana ndi mlimi mnzanga wa ku Namwera, bola mundidziwitse kutatsala masiku 7. Osweka panjira ndimabweza tsiku lomwelo. Ndaphatikiza chithunzi cha masamba awiri a kopelo ndi pepala la TPIN loti a zachuma aone. Ngati n'kotheka ndibweretse mathireyi 15 oyamba Lachiwiri likudzali kuti ophika awaone."

Pansi dzina ndi nambala ya foni, basi. Taonani kuti mulibe zoti ndinasangalala kuona malo anu okongola, mulibe mbiri ya mmene anayambira kuweta. Koma manejala akaiwerenga apeza zinthu zomwe dzulo analibe, nambala ya sabata yoipa, dongosolo la nthawi ya msonkhano, ndi pepala lomwe owerengera ndalama akanayamba kufunsa asanalembe dzina la mayiwa m'buku la operekera katundu. TPIN ija, nambala ya msonkho ya ku MRA, malo ambiri olongosoka amaifuna asanakulipire, ndiye kuitumiza asanakufunse kwachotsa kale ulendo umodzi wa mafoni.

Wina anena kuti mayiwa adziwotcha okha, aulula kuti paokha sangakwanitse 40. Ine ndikuona mosiyana. Manejala wogula mazira zaka zambiri akudziwa kale kuti nkhuku 300 sizingatulutse chilichonse chomwe mwini wake walonjeza, masamu ake amawachita mumtima mukuyankhula. Chomwe sakudziwa n'chakuti kodi munthuyu malire ake akuwadziwa, ndipo akafika pamalirepo amatani. Amene walemba kuti chilichonse mungafune tili nacho ndi amene amadzazimitsa foni Lachisanu m'mawa. Nambala yotsika yomwe mwaitchula nokha ndi imene imapangitsa kuti manambala enawo awakhulupirire.

Palinso ena, makamaka achikulire athu, amati imelo yotere ilibe ulemu, munthu wakulandira bwino iwe n'kungomuthokoza mzere umodzi kenako manambala gwa. Izi ndimazimva, ife tinaleredwa kuti sungangofikira pa nkhani usanapereke moni, ndipo sindikunena kuti moni achoke. Koma ganizani za munthu amene akuwerengayo, ali pa risepushoni, basi ya alendo yangofika, magetsi athima akuthamangitsa wa jenereta, imelo akuwerengera pa foni chili chiimire. Ulemu womwe angaumve pamenepo ndi woti mwamva nkhawa yake, mwapita kunyumba, mwaigwirira ntchito. Ndime zitatu zomuyamikira zimangomutalikitsa ndi chomwe akufuna, ndipo zikachuluka zimayamba kumveka ngati kupempha.

Komano pali kubwereza kwina komwe ndimavomereza, ndipo osakusiya. Ngati mwagwirizana mtengo, tsiku lobweretsa katundu kapena nthawi yolipirira, zimenezo zilembeni mzere umodzi, monga kuti monga tinagwirizanira, mtengo ndi wakutiwakuti pa thireyi mpaka kumapeto kwa Disembala, kulipira pakatha masiku 14. Uku sikubwereza macheza ayi, mukusandutsa mawu apakamwa kukhala cholembedwa chokhala ndi deti, ndipo mitengo ya chakudya cha nkhuku mmene imasinthiramu, pakatha miyezi itatu aliyense amakumbukira zomukomera. Ngati manejala anamva mosiyana, akonza pomwepo zinthu zisanafike patali. Chomwe simuyenera kuchita ndi kulowetsamo mwakachetechete zomwe simunagwirizane. Ngati anati amalipira pakatha masiku 30 inu n'kulemba 14 ngati munamvana, adziwa, ndipo imelo yonse ija yaonongeka ndi mzere umodzi. Nkhani ya malipiro ngati sinathe, nenani kuti sinathe ndipo mukufuna muikambiranenso.

Nkhawa ina yomwe ndimaimva kwa anyamata a zomangamanga, a ma sola ndi ojambula, ndi yoti ukawapatsa nzeru zaulere amatenga n'kukapatsa m'bale wawo kuti agwire ntchitoyo motchipa. Zimachitika, tisanamizane. Ndiye muyezo wake ndi uwu, perekani chomwe chikusonyeza kuti vutolo mwalimvetsa ndipo mungalithe, koma osapereka ntchito yomwe anayenera kulipira. Wa sola angathe kulemba kuti ndawerengera mafiriji anu awiri ndi pampu ija, mabatire omwe mulinawo sangafike m'mawa, pakufunika kuwonjezera, osati kutumiza chojambula chonse cha mawaya ndi mndandanda wa zida ndi komwe angazigule. Ngati kukonza chomwe mukufuna kuphatikizacho kukutengerani tsiku lathunthu, imeneyo si imelo yothokozanso, ndi ntchito, iyenera kotesheni.

Ku intavyu nkhani imasinthako pang'ono ndipo apa mpofunika kusamala. Ntchito za boma ndi za mabungwe akuluakulu amakhala ndi gulu lofunsa, aliyense ndi pepala lake la malikisi, ndipo nthawi zambiri amawonkhetsa tsiku lomwelo musanafike n'komwe pa depoti. Imelo yanu singasinthe malikisi amenewo, musadzinamize. Komanso zotsatsa ntchito zambiri zimalemberatu kuti wopezeka akunyengerera olemba ntchito achotsedwa pa mndandanda. Choncho kusakasaka nambala ya wapampando wa gululo kwa msuweni wanu wogwira ntchito pomwepo n'kumulembera usiku, kumeneko n'kudziphera nokha mwayi. Lemberani ku adiresi yomwe inakuitanani ku intavyu, mwachidule, basi.

Koma kumalo ang'onoang'ono, sukulu ya pulaiveti, loji, kabungwe komwe wofunsa ndi yemweyo adzakhale bwana wanu, kapena komwe kuli gawo lachiwiri la intavyu, imelo imagwira ntchito, makamaka anthu awiri akafanana. Tinene mtsikana wafunsira ntchito yotolera mafomu m'midzi, amufunsa kuti ukapita ku Makanjira kumene netiweki imavuta malo ena, mafomu a pa foni uzitumiza bwanji, iye mantha amugwira wangoti ndidzayesetsa kupeza pokwera. Chikhalirecho anagwiritsapo kale pulogalamu ya pa foni yodzazira mafomu ya KoboCollect ndipo akudziwa kuti fomu imadzazidwa popanda netiweki, imasungika m'foni, n'kudzatumizidwa ukafika pomwe ikugwira. M'imelo alembe zimenezo m'ziganizo zitatu, awonjezere kuti chofunika n'kutsitsiratu fomuyo asananyamuke, kukhala ndi potchajira, ndi kuonetsetsa madzulo kuti chiwerengero cha mafomu otumizidwa chikufanana ndi cha makomo omwe wayenda. Asapepese ndime yonse kuti ndinali ndi mantha, asayankhenso mafunso onse asanu ndi limodzi kachiwiri ngati akulemba mayeso obwereza. Funso limodzi, lomwe linali lolemera.

Nanga ngati palibe funso lomwe linakukanikani? Ndiye kumbukirani pomwe iwo anadandaula okha. Anthu pa msonkhano amatulutsa mavuto awo osadziwa, mwina anati amene tinali naye kale malipoti ankachedwa nawo, kaya anati alendo athu ambiri amafunsa ngati nyama ndi ya halali. Pamenepo mpoyambira. Ndipo ngati mwafufuza mwasowadi choti muwonjezere, lembani mizere iwiri yothokoza n'kusiya, kusiyana n'kukatola nkhani ya pa intaneti yomwe simunaiwerenge n'komwe n'kumata kuti muoneke ochangamuka. Chifukwa chake chizolowezi chabwino n'choti mukangotuluka pageti, musanakwere kabaza, lembani pa foni mafunso omwe anakufunsani ndi pomwe anakhala chete kapena kulemba. Mukadikira mpaka madzulo mumangokumbukira zomwe munayankha bwino.

Za nthawi, tumizani tsiku lomwelo madzulo kapena m'mawa mwake, nkhope yanu isanasakanikirane ndi za ena. Koma ngati yankho lenileni likufuna kuti muimbire kaye mnzanu wa ku Namwera uja ndipo sakupezeka, bola kuchedwa ndi tsiku limodzi kusiyana n'kulemba zomwe simunatsimikize. Mukalemba pakati pa usiku chifukwa ndi pomwe bandulo ikulola, Gmail ili ndi Schedule send, pa kompyuta ili pa kamuvi ka pambali pa Send, pa foni ili pa timadontho titatu ta pamwamba, muike kuti ipite 8 koloko m'mawa. Kuno Lachisanu masana ambiri amakhala ali ku mzikiti, ndipo kwa anthu a loji kuyambira Lachisanu mpaka Lamulungu ndi nthawi ya chipwirikiti, imelo yofika pamenepo imakwiririka, bola Lolemba m'mawa.

Tinthu tina tating'ono timagwetsa imelo yabwino. Chithunzi cha kope lija chikhale chowala, chowongoka, osati chojambulidwa usiku ndi chala chikuonekera pakona, ndipo ngati n'kotheka chisandutseni PDF yopepuka. Gmail imalola mpaka 25 MB koma munthu ali kunyanja netiweki ikubwera n'kumapita sadikira chinthu cholemera, amangoti ndiona nthawi ina, nthawi inayo sifika. Fayiloyo ipatseni dzina lomveka, loti akaisaka pakatha mwezi aipeza, osati manambala aatali omwe foni imapereka yokha. Ngati pa kukumana paja panali anthu awiri, manejala ndi wamkulu wa ophika, onse alandire, winayo pa Cc, chifukwa wophikayo ndi amene mazirawo adzawaswe. Chilankhulo tsatirani chomwe munagwiritsa ntchito, koma ngati mukudziwa kuti ikafika kwa mwini wake wosamva Chichewa, lembani m'Chingerezi chosavuta, manambala sasintha.

Nanga WhatsApp? Anthu ambiri kuno ndi komwe amapezeka msanga, zoona, ndipo ngati manejala anakupatsani yekha nambala n'kunena kuti muzindipeza apa, palibe cholakwa. Komabe zamanambala ndi mapepala ziikeni pa imelo, pa WhatsApp mungolemba kuti bambo, ndatumiza pa imelo chiwerengero munafunsa chija. Mauthenga a pa foni amamira pansi pa magulu a mpingo ndi a maliro, foni ikabedwa kapena manejala akasintha ntchito zonse zapita naye, pomwe imelo ya kuntchito imatsala. Mawu ojambula a mphindi zinayi ndiye ayi ndithu, palibe angawatumize kwa owerengera ndalama.

Musanadine Send yesani ichi. Chotsani dzina la lojiyo, muike la ina, muwerengenso. Ngati ikukwanabe bwinobwino ndiye kuti simunalembe kanthu, bwererani ku funso lija. Ya mayi athu singapite kwina chifukwa ikuyankha funso la Okutobala lomwe anafunsa munthu mmodzi, ndi mathireyi 15 ndi 40 omwe anatchula iyeyo.

Mudziwanso kuti yagwira poona yankho lake. Akangoti zikomo talandira, ndiye kuti mwina sinakhudze pomwe pamawawa, kapena sanaganize kaye. Akabweza ndi funso, monga kuti mlimi wa ku Namwerayo mazira ake ndi aakulu mofanana ndi anu kodi, kapena mukaona kuti pa Cc pawonjezeka dzina la munthu wina yemwe simunakumane naye, ndiye kuti imelo yayamba kuyenda m'kati. Akakhala chete, ngati anatchula tsiku loti adzayankhe dikirani lidutse kaye, ngati sanatchule ipatseni sabata. Mukamalembanso yankhani pa imelo yomweyo kuti zakale zionekere pansi, ndipo musangoti ndimati ndikukumbutseni. Mayi aja angathe kulemba kuti Lachiwiri akudutsa njira ya ku Monkey Bay ndi katundu wa kasitomala wina, ngati ophika alipo awasiyireko thireyi imodzi aone kukula kwake. Akapanda kuyankha kachiwiriko, mathireyi 20 otsala aja awapezere msika wina.